Moni Ayambe, Koma Malonje Asachedwe

Mlendo akafika pakhomo kwa Kawaza kapena kwa Pembamoyo, satulutsa nkhani yake ali chiimire. Amati odi, amamulandira katundu, amamupatsa mpando, amafunsana za kumene wachokera, za ana ndi za mvula, ndipo pokhapo mwini khomo amapereka mpata wa malonje. Komabe malonjewo sagona masiku atatu. Mlendo amene wadya nsima, wagona, wadzuka, wadyanso, osanenabe chimene wadzera, eni nyumba amayamba kunong'onezana kukhitchini kuti munthuyu wabwera ndi mlandu kapena ngongole. Mwambowu uli ndi mbali ziwiri, ndipo anthu ofuna ntchito ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi akumaphwanya mbali zonse ziwirizo pamene akufuna thandizo la munthu amene anagwira naye ntchito kale, yemwe tsopano ali pakampani imene iwo akuisirira. Ena amalumpha moni: patatha zaka zisanu osalankhulana, uthenga woyamba pa WhatsApp ndi wakuti "kuli malo kumeneko?" ndipo sivi yatsatira kale pambuyo. Ena amaopa malonje: amatumiza moni wa m'mawa ndi zithunzi za maluwa mwezi wathunthu, mnzawoyo akudziwa bwino kuti pali chimene chikubwera. Ine ndikuti njira yoyenera ndi ya pakhomo ija. Yambani mwabwezeretsa kudziwana, kenako nenani msanga ndi poyera chimene mukufuna, ndipo chimene mukufunacho chikhale nzeru za mmene kampaniyo imalembera anthu, osati kuti mnzanuyo akupatseni ntchito.

Tiyambe ndi chifukwa chake munthu wotereyu ali wofunika kuposa mmene timaganizira. Ntchito zambiri zolembedwa m'maboma atatuwa ndi za nyengo: ogula thonje, soya ndi chimanga, makalaliki a m'madepoti a Food Reserve Agency, alangizi amene amagawa mbewu ndi mankhwala pangongole, owerenga anthu, ogwira ntchito za mabungwe zimene zimatha ndalama za opereka thandizo zikatha. Munthu amagwira miyezi inayi kapena zaka ziwiri, gulu limabalalika, aliyense amalowera kwake. Mbiri ya thonje ikuonetsa zimenezi bwino. Boma litagulitsa Lintco mu 1994, kunabwera Lonrho ndi Clark Cotton. Malo a Lonrho anatenga Dunavant, imene inali ndi fakitale yochotsa njere m'thonje ku Katete, kenako NWK. Clark Cotton inagulidwa ndi Cargill mu 2006, ndipo Cargill nayo pambuyo pake inasiya thonjelo m'manja mwa ena. Zikwangwani pazipata zakhala zikusintha, koma anthu amene amadziwa kuyesa thonje pasikelo, kulondola ngongole za alimi ndi kupalasa njinga mpaka kumidzi ya kumalire a Mozambique ndi omwewo, angosamukira kumakampani ena, ku COMACO, kumabungwe, kwa ogulitsa zipangizo zaulimi. Sinda ndi Vubwi atakhala maboma paokha mu 2012, anthu enanso anasamutsidwa kuchoka ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza kukatsegula maofesi atsopano. Choncho munthu aliyense amene anagwirapo ntchito kuno zaka khumi zapitazo ali ndi anzake akale omwazikana m'malo ambiri, ndipo ambiri a iwo sanalankhule nawo chisiyanirane.

Ofufuza anaona kale kuti anthu otalikirana nawo oterewa ndi amene amabweretsa nkhani zatsopano. Mark Granovetter, m'kafukufuku wake wa ku Newton pafupi ndi Boston amene anatuluka mu 1973 ndi 1974, anafunsa anthu amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wowadziwa kuti ankaonana naye kangati munthuyo. Pafupifupi 17 pa 100 alionse ndiwo ankaonana naye kawirikawiri. Otsalawo ankaonana naye mwa apo ndi apo, kapena mwakamodzikamodzi. Anthu amene anafunsidwa funsoli anali ochepa, ndiponso anali a ntchito za m'maofesi ku America, kotero sitingatenge manambalawo n'kuwaika pa Sinda monga momwe alili. Koma chifukwa chake n'chomveka kulikonse. Achibale anu ndi anzanu apamtima amamva zimene inu mumamva, amapita kumsika umene inu mumapita, amapemphera kumene inu mumapemphera. Amene anachoka pakati panu n'kukakhala ku Chipata ndiye amamva zina. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2011, Daniel Levin, Jorge Walter ndi Keith Murnighan anapempha akuluakulu a makampani kuti afunse nzeru kwa anthu amene sanalankhule nawo zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo nzeru zimene anapeza kumeneko anaziona kuti n'zothandiza mofanana, mwinanso kuposa, zimene anapeza kwa anzawo a masiku onse. Kukhulupirirana kwakale kumakhala kudakalipo, pamene nkhani zimene munthuyo ali nazo n'zatsopano.

Nanga ngati kukhulupirirana kudakalipo, moniyo ngwachiyani? Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaganiza kuti moni ndi mafuta ofewetsera mtima wa munthu kuti asakane. Ayi. Mnzanu wakale ndi mboni ya ntchito yanu, ndipo umboni umene ali nawo ndi wakale. Amakumbukira inu wa mu 2019, mwina wachangu, mwina wokonda kuchedwa Lolemba. Sakudziwa kuti kuchokera nthawi imeneyo munaphunzira kuyendetsa njinga yamoto n'kutenga laisensi, kuti munasunga mabuku a kopaletivi zaka ziwiri, kapena kuti munasiya mowa. Akatchula dzina lanu kwa manijala wake, akuika mbiri yake pachikole. Mukakalephera, kapena matumba akasowa padepoti imene mwapatsidwa, funso loyamba lidzakhala lakuti anabweretsa munthuyu ndani. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Kucheza koyamba ndiko kumamupatsa mpata woona ngati munthu amene akulankhula naye lero angamuikire kumbuyo. Mukalumpha mpata umenewu, mwamusiyira njira ziwiri zokha, zonse zoipa: kuvomera ali m'chimbulimbuli, kapena kungokhala chete. Ambiri amasankha kukhala chete, ndipo wopemphayo amapita akudandaula kuti anthu akakwera amaiwala anzawo.

Tiyerekeze nkhani imodzi n'kuitsata mpaka kumapeto. Pali munthu wa ku Sinda amene anagula thonje nyengo zitatu, ndipo amene ankayang'anira dera lawo nthawi imeneyo tsopano ali pakampani yogula mbewu ku Chipata imene ili ndi malo ogulira ku Katete ndi ku Vubwi. Papita zaka zisanu. Chinthu choyamba si mawu, ndi kalendala. Misika ya mbewu imayamba kutentha cha mu Meyi, ndipo ogula ndi makalaliki amayenera kukhala atapezeka ndi kuphunzitsidwa misika isanatsegulidwe. Amene akuyamba kufufuza mnzake mu Epulo akupeza mayina atalembedwa kale. Nthawi yabwino ndi Janyuwale kapena Febuluwale, chimanga chidakali m'munda, pamene mnzakeyo alibe phuma ndipo palibe amene akumuvutitsa ndi mafoni. Kwa ofuna ntchito za ulangizi, zimene zimakula pogawa mbewu ndi mankhwala cha mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yabwino ndi pamene misika ikutha. Uthenga woyamba ukhale waufupi, ndipo uyambe ndi kudzidziwitsa, chifukwa manambala a foni amasintha ndipo si bwino kuumiriza munthu kufunsa kuti ndinu ndani. Atchule dzina lake, malo amene anagwirira limodzi ndi chaka chake, aonjezere kanthu kamodzi kamene onse awiri akukakumbukira, monga sikelo imene inkavuta kapena lole imene inatitimira m'dambo, afunse za kunyumba, basi. Amutchule ndi chiwongo chake kapena ndi ulemu umene ankamupatsa kale. Amene anali bwana wanu sasanduka "iwe" chifukwa chakuti simulinso pansi pake, ndipo amene anali mnzanu wa nthabwala mukayamba kumutcha "bwana" lero, wadziwa kale kuti mwabwera ndi mbale.

Akayankha, wofuna ntchitoyo apemphe kuimba foni nthawi imene mnzakeyo ali womasuka, ndipo tokutaimu ikhale yake, osati kungoliza kamodzi n'kudula kuti winayo aimbe. M'kucheza kumeneku afunse za mnzakeyo moona, amve mmene anafikira kumene ali, ndipo iyenso afotokoze mosabisa zimene wakhala akuchita, ngakhale zitakhala kuti wangolima ndi kugulitsa tomato pamsewu waukulu wa ku Lusaka. Zaka zopanda ntchito yolembedwa si zochititsa manyazi kuno. Chochititsa manyazi ndi bodza limene mnzakeyo adzalitulukire kwa munthu wina wa ku Nyanje. Tsopano malonje. Anenedwe m'kucheza komweko chakumapeto, kapena pasanathe mlungu umodzi. Mawu ake akhoza kukhala otere: "Akulu, ndisabise, chimene ndakusakirani n'chakuti ndikufuna kubwerera kuntchito yogula mbewu, ndipo kampani yanu ndi imodzi mwa zimene ndikuziganizira. Sindikupempha kuti mundilowetse. Ndikupempha kuti mundiuze mmene zimayendera kumeneko." Chiganizo chachiwiricho ndicho chimamasula munthu. Ambiri mwa anzathu amene ali m'makampani alibe mphamvu yolemba munthu ntchito, ndipo amachita manyazi kunena zimenezo kwa amene akuwaona ngati afika. Mukawachotsera katundu amene sangathe kusenza, amakupatsani mokondwa chimene ali nacho.

Chimene ali nacho n'chambiri. Amadziwa mwezi umene mayina amatoleredwa, ndiponso ngati amene amasankha ali ku Chipata, ku Lusaka kapena ndi woyang'anira dera. Amadziwa ngati kalata yofunsira ntchito imaperekedwa pamanja, pa imelo kapena kudzera ku kampani ina yolembera anthu. Amadziwa zimene sizilembedwa pachidziwitso: kuti tsopano kulemera kwa matumba kumalowetsedwa pafoni ndipo amene sadziwa kutero amagwa pamayeso, kuti amakonda munthu wokhala m'dera lomwelo chifukwa sapereka nyumba, kuti amafuna kalata ya amene anakulembani ntchito komaliza. Amadziwanso chinthu chimene wofuna ntchito amaiwala kufunsa chifukwa cha njala, ndicho chakuti amene analipo chaka chatha anachokeranji, ndiponso ngati malipiro amabwera nthawi yake kapena amadikira kuti mbewu zigulitsidwe. Safunsa anadya phula. Funso lomaliza, limene liyenera kubwera palokha ndipo mwina tsiku lina, ndi lakuti, "Kodi mungalole kuti nditchule dzina lanu m'kalata yanga? Ngati sizingakukomereni, nenani, sindidzakhumudwa." Kutchula dzina la munthu popanda chilolezo chake ndi kuba, ndipo manijala akamufunsa iye n'kudabwa, kalata yanu yafera pomwepo.

Kukana kwathu sikubwera ndi mawu akuti ayi, ndipo wofuna ntchito ayenera kudziwa kukumva. "Tiona," "ndidzakuuzani zikatuluka," "panopa zinthu n'zovuta," mawu amenewa akabwera opanda tsiku, opanda dzina la ofesi, opanda kanthu kakuti mukachite, ndiye kuti khomo latsekedwa mwaulemu. Amene akufunadi kuthandiza amatchula zinthu zogwirika: bweretsani makope a masatifiketi sabata yamawa, funsani ku ofesi yakutiyakuti, konzani laisensi yanu mwezi uno usanathe. Kukumbutsa kamodzi patatha milungu iwiri n'kololeka. Kachitatu ndi kachinayi mwasanduka ngongole imene munthu amaithawa, ndipo tsiku limene adzakuoneni pa Katete Stores adzawolokera tsidya lina la msewu. Ndipo zikatheka kapena zikalephereka, muuzeni mmene zathera. Anthu ambiri amasowa akangolandira yankho, ndipo ndi iwowa amene aipitsa mbiri ya onse obwera ndi moni patatha zaka.

Otsutsa oyamba adzati zonsezi ndi chinyengo chovala jekete. Munthu sunamukumbuke zaka zisanu, mayi ake atamwalira sunapite, lero wamva kuti ali pabwino ndiye wakumbuka kufunsa za ana ake. Chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Mawuwa ali ndi mano, ndipo sindiwapeputsa. Koma taonani pamene chinyengo chimakhala. Sichikhala m'kufuna thandizo, pakuti palibe amene amayenda ulendo wopanda chifukwa, ndipo mnzanuyo nayenso anakhala chete zaka zisanu zomwezo. Chimakhala m'kunamizira kuti mulibe chimene mukufuna. Amene amatumiza mavesi ndi moni milungu isanu ndi umodzi kuti pempho lidzaoneke ngati langobwera mwangozi ndiye wachinyengo, ndipo winayo amamva kuti akumusaka ngati mbewa. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti malonje asachedwe. Moni wa tsiku limodzi kapena awiri wotsatidwa ndi mawu oona ndi ulemu. Moni wa mwezi wathunthu ndi msampha. Za nkhwangwayo, mlandu wake suli pokwera, uli potsika, pamene mwini wake amaiponya pansi. Ngati maliro anakupitanidi, nenani pepani poyamba pomwe ndipo musadzikhululukire ndi nkhani zambiri. Ngati ntchito yakanika, ubale umene mwaudzutsawo usagonenso tsiku lomwelo.

Otsutsa achiwiri ndi olemera kwambiri, ndipo amalankhula mawu amene aliyense wa kum'mawa kuno amawadziwa: wako ni wako. Adzati chimene ndikuphunzitsa ndi kukondera kumene kwachititsa kuti mwana wa mlimi wa ku Vubwi, amene anakhoza bwino koma sadziwa aliyense, akhale pakhomo pamene ana a odziwika akulowa. Ndiyankha kuti pali kusiyana pakati pa mbale ndi mnzako wa kuntchito, ndipo kusiyanako kunayesedwapo. Lori Beaman ndi Jeremy Magruder, m'kafukufuku wa ku Kolkata ku India amene anatuluka mu 2012, anapempha anthu kuti abweretse ena odzagwira ntchito. Pamene malipiro a wobweretsayo sankadalira luso la amene wabwera naye, achibale ankachuluka. Pamene malipiro ankadalira mmene munthuyo wagwirira, anthu anachepetsa kubweretsa achibale n'kuyamba kubweretsa anzawo a kuntchito. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akadziwa kuti zotsatira zidzamukhudza, amatembenukira kwa amene anamuona akugwira ntchito. Malume amakutchulani chifukwa ndinu mwana wa mlongo wawo. Amene munagwira naye padepoti amakutchulani chifukwa anaona kuti mabuku anu ankagwirizana ndi matumba. Woyambayo akubweza ngongole ya magazi, wachiwiriyo akupereka umboni, ndipo umboni ndi chinthu chimene kampani iliyonse imapempha poyera ikamafuna mayina a anthu okudziwani.

Malire ake alipo, ndipo ndi oonekeratu. Kufunsa kuti mayina amatengedwa liti si katangale. Kupempha mafunso a intavyu pasadakhale, kupempha kuti kalata yanu ilowetsedwe tsiku lotsekera litapita, kulonjeza mbuzi kapena malipiro a mwezi woyamba, zimenezo ndi katangale, ndipo lamulo lolimbana ndi ziphuphu la 2012 silikhudza ogwira ntchito m'boma okha, limafikanso kumakampani. Mnzanu wakale akakuuzani kuti tumizani kangachepe pafoni kuti dzina lanu likwere pamwamba, mwina nambala yake yabedwa, mwina iye wasintha, koma m'njira zonse ziwiri ndalamayo simudzaionanso. Pa ntchito za boma malirewa ndi othina kwambiri. Pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, mphunzitsi wa pasukulu ina ku Sinda kapena namwino wa ku St Francis analibe khomo loti atsegulire mnzake, ndipo kumupempha kutero kukanakhala kumuika m'mavuto. Chimene akanatha kuchita ndi kukumbutsa mnzakeyo kuti mapepala ake a ku Teaching Council of Zambia kapena a kubungwe la anamwino akhale okonzeka chidziwitso chisanatuluke, ndi kumuuza mmene moyo ulili kusukulu kapena kuchipatala cha kumudzi kumene ambiri amakana kupita. Thandizo lotere silichotsa aliyense pamzere.

Komabe sindinganene kuti njira imeneyi ndi yachilungamo kwa onse, ndipo umboni wotsutsa uli pafupi, kutsidya kwa Mwami. Beaman ndi Magruder, pamodzi ndi Niall Keleher, anachita kafukufuku ku Malawi pa kulemba anthu ofunsa mafunso a kafukufuku, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anapeza kuti amuna akapatsidwa ufulu wotchula aliyense, ankatchula akazi ochepa, ngakhale kuti atauzidwa kuti abweretse mkazi ankatha kupeza akazi oyenera ntchitoyo. Akazi odziwa ntchito ankawadziwa, koma sankawakumbukira poyamba. Kuno kwathu pali chopinga china pamwamba pa chimenecho. Mkazi akaimbira foni mwamuna amene anagwira naye ntchito kale n'kuyamba kufunsa za moyo, mawu ake akhoza kumvedwa molakwika ndi mwamunayo, ndi mkazi wake, kapena ndi mwamuna wa woimbayo. Kwa iye, moni wautali ndi woopsa koposa, ndipo kunena msanga kuti nkhani ndi ya ntchito, kuimba masana, ndi kukumana ku ofesi osati kumalo odyera madzulo, ndi chitetezo. Koma cholakwa chachikulu apa si cha ofuna ntchito. Ndi cha makampani amene amadzaza malo pongouza antchito awo kuti bweretsani amene mukuwadziwa, osaika chidziwitso pabolodi la kukhonsolo kapena kulengeza pa Breeze FM. Kampani yotere ikudzimana yokha anthu aluso, ndipo ikutsekera kunja achinyamata amene alibe mnzawo wakale chifukwa sanagwirepo ntchito. Zimenezo tizidzudzule. Koma kuuza munthu wa ku Vubwi kuti asafunse nzeru kwa mnzake mpaka dziko litakonzeka ndi kumulanga kawiri.

Otsutsa achitatu ndi a njala. Adzati chidziwitso chatuluka Lachiwiri, kutseka ndi Lachisanu, ndipo inu mukuti ndiyambe ndi nkhani za sikelo yakale? Apa ndivomera theka. Ngati nthawi yathadi, moni ndi malonje zilowe mu uthenga umodzi, ndipo muvomereze poyera kuti mwafika mothamanga: mwakhala chete nthawi yaitali, mukudziwa kuti si bwino kutulukira ndi pempho, koma mwaona chidziwitso chakutichakuti ndipo muli ndi funso limodzi. Limodzi, osati asanu. Munthu amakhululukira liwiro limene lavomerezedwa. Chimene simungayembekezere pa masiku atatu ndi chakuti akuikireni umboni, pakuti sanapeze mpata wokudziwaninso. Theka limene sindivomera ndi lakuti liwiroli limagwa ngati mphezi. Ntchito za kuno zimatsata mvula ndi kukolola, ndipo aliyense amene anagulapo mbewu amadziwa kuti FRA siyamba kugula chimanga chisanaume mokwanira, ndiponso kuti makalaliki amafunidwa nthawi imeneyo isanakwane. Amene wadzidzimuka mu Meyi anali ndi Febuluwale.

Ena adzafunsa za malo okumanirana, popeza si zonse zimachitika pafoni, makamaka kumadera a Vubwi kumene netiweki imasowa ndipo nthawi zina foni imakoka ya ku Malawi. Kulamba ku Mkaika kumapeto a Ogasiti kumabweretsa anthu ochokera ku Lusaka, ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo ndi malo abwino opezera nambala ya munthu amene munataya. Si malo otulutsira envelopu. Maliro ndiye ayi ndithu: amene amakokera munthu kuseri kwa msasa kuti amufunse za malo a ntchito, anthu akuimba nyimbo za chisoni, amakumbukiridwa zaka zambiri, koma osati m'njira imene ankafuna. Pamalo otere perekani moni, tenganani manambala, nenani kuti mudzaimba sabata yamawa pa nkhani ina, ndipo mudzaimbedi.

Patsala gulu limene malangizo onsewa sawakwanira, ndipo ndi lalikulu kuposa mmene timavomerezera. Ndi la amene anasiyana ndi anzawo pali chilonda. M'ntchito yogula mbewu zilonda zake n'zodziwika: ndalama zogulira zimene sizinakwane powerengera, ngongole za alimi zimene sizinabwezedwe chifukwa thonje linagulitsidwa kwa ena usiku, K500 imene munabwereka kwa mnzanu mwezi womaliza n'kusowa nayo. Munthu wotere akatumiza moni wosalala ngati kuti palibe chinachitika, mnzakeyo amawerenga uthengawo akukumbukira ndalama yake, ndipo chilichonse chimene chidzatsatire chidzamveka ngati chipongwe. Apa dongosolo limasintha. Choyamba ndi kutchula chilondacho ndi dzina lake, kubweza chimene chingabwezedwe ngakhale pang'onopang'ono, ndi kusapempha kanthu nyengo imeneyo. Mwina mnzakeyo adzafewa chaka chamawa, mwina sadzafewa, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana kuikira umboni munthu amene anamuona akulephera. Ngati wofuna ntchitoyo afunsirabe kukampani imene kuli mnzakeyo kudzera pakhomo la aliyense, achite zimenezo akudziwa kuti manijala akaona pa sivi dzina la kampani yakale ija, adzaitana yekhayo amene anachokera kumeneko n'kumufunsa kuti, "Munthu uyu mukumudziwa?"